Manambala a kumbuyo kwa sandipepala: uyambire pati, ulekezere pati?

Tebulo lambiri logulitsidwa m'mbali mwa msewu limakopa maso ukaliona patali, vanishi ali nyezinyezi padzuwa. Koma tayandikirani, muwerame, muliyang'ane chammbali kumene kuwala kukuchokera. Pansi pa vanishiyo mudzaona timizere todutsana, tina tolowera uku tina uko, penanso timabwalo ting'onoting'ono tosiyidwa ndi makina. Ogula ambiri amati vanishiyo ndi wachabe. Nthawi zambiri vanishi alibe mlandu. Iye sabisa kanthu, ndipo chikanda chomwe sichimaoneka pa thabwa louma chimatulukira poyera likangonyowa ndi vanishi kapena mafuta. Cholakwika chinachitika kale, pa nthawi yokwecha.

Sandipepala sapukuta thabwa ayi, amalikanda. Ndi timiyala tolimba tomatidwa pa pepala kapena pa nsalu, ndipo kamwala kalikonse kamasiya kanjira kake. Choncho kusalaza thabwa ndi kufafaniza zokanda zikuluzikulu poikapo zing'onozing'ono, kenaka kufafanizanso zimenezo ndi zina zochepa koposa, mpaka diso litalephera kuziona. Ntchito ya pepala lililonse ndi imodzi basi: kuchotsa zokanda za pepala lomwe lalitsogolera. Munthu akamvetsa zimenezi, nkhani ya manambala sivutanso.

Manambalawo amalembedwa kumbuyo kwa pepala: 60, 80, 120, 180, 220, mpaka mazana ambiri. Nambala ikamakula, timiyala timachepa. Chiyambi chake ndi sefa yomwe amasefera timiyalato, poti sefa ya mabowo ambiri pa inchi imodzi imadutsitsa tating'ono tokhatokha. Kamwala ka pa 80 n'kotalika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a milimita, pomwe ka pa 220 kamachepa pafupifupi katatu poyerekeza ndi kameneko. Mapepala ambiri amakhala ndi chilembo P patsogolo pa nambala, monga P120, kusonyeza muyezo wa ku Ulaya. Palinso muyezo wa ku America wopanda P, koma pa manambala ogwirira thabwa losapaka kanthu, kufika cha m'ma 220, miyezo iwiriyi siisiyana kwenikweni moti simungataye nayo tulo. Mtundu wa pepala ndiwo muyenera kuuyang'ana. Lofiirira kapena lachikasu ndilo la matabwa. Lakuda lija, lomwe okonza magalimoto amanyika m'madzi, limakhala bwino pa penti ndi pa vanishi wouma, koma pa thabwa silichedwa kutha.

Tiyeni titenge chitsanzo cha pamwamba pa tebulo la mbawa, lolumikizidwa ndi guluu kuchokera ku matabwa atatu omwe anapalidwa ku makina. Thabwa lochokera ku makina limaoneka losalala, koma mukayendetsa chala motsata utali wake mumamva timafunde tosiyidwa ndi mipeni ya makinawo. Pa mfundo zolumikizira pamakhala guluu wofinyika, ndipo thabwa lina limatha kukwera pang'ono kuposa linzake. Apa poyambira ndi 80. Pepala la 40 kapena 60 ndi la matabwa ochekedwa ndi sowo osapalidwa, kapena lochotsera penti yakale. Pa thabwa lopalidwa limangokumba ngalande zomwe mudzavutika nazo nokha. Ngati mmisiri anapala bwino ndi puleni yakuthwa ya pamanja, osasiya mafunde, atha kuyambira pa 120 osataya kanthu. Lamulo lake n'lakuti muyambire pa pepala losalala kwambiri lomwe lingathebe kuchotsa vuto lomwe lilipo m'mphindi zochepa. Mukakwecha kwa nthawi yaitali koma mafunde osachoka, ndiye kuti mwayambira pamwamba, tsikani.

Musanayambe, tengani pensulo mulembelembe mizere yokhotakhota, mopepuka, pa thabwa lonse. Pepala mulikulunge pa kathabwa kophwatalala kokwana m'dzanja. Kukwecha ndi zala zokha kumakumba timaenje, poti chala chilichonse chimadinda pake. Kwechani motsata mitsempha ya thabwa, kuchoka kumapeto kuno kufika uko, osadutsa chopingasa. Pamene pensulo yatsala ndi pamene pali potsika, ndipo mankhwala ake si kulimbana ndi pamalo pomwepo koma kutsitsa thabwa lonse mofanana. Gawo la 80 ndilo limadya nthawi yambiri ndi thukuta lambiri, chifukwa kuwongola konse kumachitika pano. Mafunde, guluu ndi zokwerakwera ziyenera kutheratu musanasinthe pepala. Chomwe 80 walephera kuchotsa, 180 sangachikwanitse.

Guluuyo ndi wofunika kumusamala. Ukauma pa thabwa suoneka bwino, koma umatseka timabowo ta mtengo moti vanishi kapena mafuta salowapo, ndipo pamatsala chigamba chotuwa pakati pa kufiira kwa mbawa. Ndi bwino kuupala ndi tchizulo kaye, chifukwa ukatentha umamatirira pa pepala n'kulipha.

Mukatha ndi 80, sesani fumbi lonse ndi bulashi, mupukute ndi nsalu. Ambiri amadumpha zimenezi, osadziwa kuti kamwala kamodzi kothothoka pa 80 kakatsalira pa tebulo, kamakokedwa ndi pepala lotsatira n'kulemba mzere wautali. Lembaninso pensulo, mutenge 120, mukweche mpaka pensulo itachoka, kenaka 150 ngati alipo, ndi 180. Magawo amenewa amafulumira. Kulumpha nambala imodzi, monga kuchoka pa 80 kufika pa 120 osadzera pa 100, kapena pa 120 kufika pa 180, kulibe vuto. Koma kuchoka pa 80 kulunjika pa 220 ndiko kumabala matebulo a m'mbali mwa msewu aja. Timiyala ta 220 timangosalaza nsonga za ngalande za 80, pansi pake osafikapo. Dzanja limamva kuti thabwa lasalala, mmisiri n'kukhutira, koma ngalandezo zilipobe, zikudikira vanishi. Chodabwitsa n'chakuti wolumphayo sapindula ngakhale nthawi, chifukwa kukwecha ndi mapepala atatu motsatana kumatha msanga kuposa kulimbana ndi limodzi losalala.

Pali chizolowezi china chomwe ndimatsutsana nacho ngakhale ndikudziwa kuti mapepala sakutsika mtengo: kusunga 80 wakutha kuti azigwira ntchito ya 120. Pepala lakutha silisanduka losalala. Timiyala take tambiri tabuntha, kotero timangopukuta ndi kutenthetsa thabwa, pomwe towerengeka totsala takuthwa timakandabe mozama ngati kale. Zotsatira zake ndi thabwa lonyezimira lokhala ndi zokanda apo ndi apo. Pepala likasiya kutulutsa fumbi, liombeni kapena mulipukute ndi bulashi. Likapanda kusintha, latha.

Nanga mungadziwe bwanji kuti zokanda zachoka? Masana pabwalo diso limanamizidwa. Lowetsani tebulo pamthunzi, muyatse tochi ya foni, muigoneke m'mphepete kuti kuwala kuyende chokwawa pamwamba pa thabwa. Kanjira kalikonse kamaponya kamthunzi kake. Njira ina ndi kupukuta ndi nsalu yonyowa ndi tapentaini. Kwa kanthawi thabwa limaoneka momwe lidzaonekere likapakidwa, zokanda ndi zigamba za guluu zonse pambalambanda, kenaka limauma osasiya kanthu. Mukapeza chikanda chozama, bwererani pa nambala yomwe ingachichotse, mukwerenso bwinobwino.

Polekezera pamadalira chomwe mupake. Vanishi amakhala pamwamba pa thabwa ngati chikopa, ndipo amadzaza yekha tizokanda tating'ono. Kwa iye 180 ndi wokwanira, ndipo kupitirira 220 ndi kutopa pachabe, poti kusalala komwe dzanja lidzamve kudzakhala kwa vanishi, osati kwa mtengo. Mafuta, monga a linisidi, amalowa mkati osapanga chikopa chokhuthala, choncho chomwe mudzagwire ndi mtengo weniweni, ndipo zokanda zimamwa mafuta ambiri n'kuda. N'chifukwa chake pa mafuta ndi bwino kufika pa 220 kapena 240. Kupitirira apo, ku ma 400 uko, thabwa limayamba kunyezimira lokha ndipo limamwa pang'ono. Izi zimaonekera kwambiri ngati mukufuna kulipaka mtundu kaye: thabwa lolekezedwa pa 120 limada kuposa lolekezedwa pa 220 ngakhale chitini chili chimodzi. Choncho miyendo, m'mbali ndi pamwamba zilekezere pa nambala imodzi. Kumapeto kwa thabwa kokha, komwe linadulidwa chopingasa, ndiko kumafuna nambala imodzi yoposerapo, chifukwa kumeneko mitsempha ili yasaa ndipo imamwa kwambiri. Opanga mafuta ena amalemba pa chitini nambala yolekezera, nthawi zina yotsika ngati 120 kapena 150. Zikatero tsatani chitini.

Ngati vanishi wanu ndi wosungunulira ndi madzi, pali kagawo kena. Madzi amadzutsa tiubweya ta mtengo tomwe kukwecha kunagoneka, ndipo thabwa lomwe linali see limasanduka lokhakhala. Kuti zisakuchitikireni pa vanishi, pukutani thabwa ndi nsalu yonyowa pang'ono, lisiyeni liume ndithu, kenaka mudutsepo mopepuka ndi pepala lomwe munalekezera, kawiri kapena katatu kokha. Mukakanikiza mufukula ubweya wina watsopano.

Si matabwa onse amamvera mofanana ndi mbawa. Paini, monga wa ku Chikangawa, ndi wofewa ndipo 80 amamudya mwamsanga, choncho ngati anapalidwa bwino yambirani pa 100 kapena 120. Mizere yake yoderako ndi yolimba kuposa yoyera, moti mukakwecha popanda kathabwa kaja yofewayo imakumbika n'kusiya mafunde. Utomoni wake umatsekanso pepala msanga, makamaka pa mfundo. Mlombwa ndi wolimba kuposa paini ndipo umasunga zokanda mouma khosi, kotero pa iwo 150 uja musamulumphe. Pulayiwudi ndiye wosafuna masewera: khungu lake lapamwamba ndi lopyapyala kwambiri, ndipo 80 atha kuliboola m'mphepete musanazindikire. Yambirani pa 150 kapena 180, ndi dzanja lopepuka.

Sandipepala samapuma mukapaka vanishi woyamba. Akauma, pamakhala tinthu tokhakhala ta fumbi ndi ubweya. Apa tengani 240 kapena 320, ndipo lakuda lija litha kugwira ntchito. Cholinga si kuchotsa vanishi koma kudula tinsongato ndi kupha kunyezimira kuti wachiwiri agwire. Vanishi wouma bwino amatulutsa fumbi loyera ngati ufa. Akamapanga timibulu tomata pa pepala, sanaume, ndipo nyengo ya mvula kapena ya chiperoni amatha kufuna tsiku lina lathunthu. M'ngodya ndi m'mphepete dutsani kamodzi kokha, poti vanishi amakhala wopyapyala pamenepo. Pukutani fumbi, mupakenso, mubwereze chimodzimodzi mpaka kufika pa wotsiriza, yemwe sakwechedwa.

Fumbi la mbawa ndi mitengo ina yolimba limayabwa m'mphuno ndipo si labwino m'mapapo, choncho valani chotchinga pakamwa ndi pamphuno, mugwirire ntchito podutsa mphepo. Ndipo ngati mwasankha mafuta a linisidi, nsalu zopakira musaziunjike pakona ya shedi: zimatha kutentha zokha mpaka kuyaka moto. Ziyanikeni chotambasula panja kapena muzinyike m'chitini cha madzi.