Mutu wa Tchati Uzinena Zomwe Manambala Apeza

Mukatsegula lipoti la banki, la unduna wa boma kapena la bungwe lililonse la chitukuko, simuchedwa kukumana ndi tchati chokhala ndi mzere wokwera ndi kutsika. Pamwamba pake pamakhala mutu wonga uwu: "Mtengo wa dola, 2022 mpaka 2024". Mutuwu sunanene bodza, koma sunauze munthu chilichonse. Wangotchula zomwe zayezedwa, ngati mmene timalembera "shuga" pa chitini cha shuga, ndipo ntchito yofufuza tanthauzo yasiyidwira wowerenga. Tsono wowerengayo ndi munthu wotanganidwa, mwina akuona tchaticho pa foni ali m'minibasi. Amaponyapo diso kamphindi, n'kupitirira.

Wolemba tchati ndiye adakhala ndi manambalawo maola ambiri. Ndiye akudziwa pomwe pagona nkhani. Nchifukwa chake ine ndimati mutu wa tchati uzikhala chiganizo chathunthu chonena zomwe wapeza, ndipo pamzere pazikhala timawu tochepa tolozera malo omwe zinthu zidasinthira. Nyuzipepala zodziwika ndi matchati abwino, monga Financial Times, zimachita zomwezi masiku onse.

Tiyeni titenge nkhani yomwe aliyense kuno adaimva m'thumba mwake: mtengo wa dola ya ku Amerika pogula ndi kwacha, m'mabanki. Kumayambiriro kwa 2022 dola imodzi inkagulidwa pa mtengo wosapitirira kwenikweni K825. Kumapeto kwa Meyi chaka chomwecho, Reserve Bank of Malawi idatsitsa mphamvu ya kwacha ndipo dola idafika pa K1,030 ndi kakusefukira. Mtengowo udakhala pamenepo kwa miyezi ingapo, kenako udakwera pang'onopang'ono m'chaka cha 2023 mpaka kufika pa K1,180. Pa 9 Novembala 2023 udalumpha kufika pa K1,700. Mu Malichi 2024 udasunthanso pang'ono kufika pa K1,751, ndipo udaima pomwepo mpaka kutha kwa chakacho.

Mukajambula manambalawa mwezi ndi mwezi, simupeza mzere wokwera mwa phee. Mupeza masitepe: pathyathyathya, kulumpha, pathyathyathya, kulumpha kwakukulu. Nkhani yake ndi imeneyo, ndipo mutu uyenera kuinena. Musanalembe, werengetserani. Kuchoka pa K825 kufika pa K1,751 ndi kukwera kwa K926, kutanthauza kuti mtengo udawirikiza kawiri ndi kupitirira pang'ono. Pa K926 imeneyi, pafupifupi K210 idabwera tsiku limodzi mu Meyi 2022 ndipo K520 idabwera tsiku limodzi mu Novembala 2023. Mukaphatikiza ndi K730, yomwe ndi pafupifupi magawo anayi mwa magawo asanu a kukwera konse. Choncho mutu ukhoza kukhala wakuti: "Mtengo wa dola udawirikiza kawiri m'zaka zitatu, ndipo kukwera kwambiri kudachitika pa masiku awiri okha".

Onani kusiyana kwake. Mutu woyamba uja udalibe mneni. Uwu uli ndi mneni, "udawirikiza", uli ndi kukula kwa kusinthako, uli ndi nthawi. Munthu akhoza kuutsutsa kapena kuuvomereza poyang'ana mzerewo, ndipo ichi ndicho chizindikiro chakuti mutu wanenadi kanthu. Njira yosavuta youpezera ndi kuyerekeza kuti mnzanu yemwe sakuona tchaticho wakuimbirani foni n'kufunsa kuti, "Ndiye mwapeza chiyani?" Simungamuyankhe kuti "mtengo wa dola". Yankho lomwe mungamupatse mu mpweya umodzi ndilo mutu wanu. Likafuna mpweya uwiri, ndiye kuti tchati chanu chanyamula nkhani ziwiri, ndipo ndi bwino kuchigawa.

Mutu wakale uja sutayidwa ayi. Umatsikira pamzere wachiwiri, m'zilembo zing'onozing'ono, n'kukhala wofotokoza zomwe zayezedwa: "Makwacha ogulira dola imodzi, mtengo wogulitsira m'mabanki, mwezi uliwonse, Januwale 2022 mpaka Disembala 2024". Kamzere aka nkofunika kwambiri pa nkhani ya kwacha. Aliyense akudziwa kuti mtengo wa m'banki ndi wina, wa kwa osintha ndalama m'misewu ndi winanso, wokwera kwambiri. Mukapanda kunena kuti mwajambula uti, wamalonda yemwe amagula dola zake pamsika wamseri adzaona mzere woima pa K1,751 n'kunena kuti tchati chanu nchabodza. Pansi penipeni lembaninso komwe manambalawo achokera.

Koma mutu wonena zomwe mwapeza uli ndi ngozi yake: ukalakwa, umalakwa mokweza. Pa nkhani ya Novembala 2023 pali msampha womwe ambiri amagweramo. Tidamva tonse kuti kwacha yatsika ndi 44 peresenti. Nambala imeneyi imachokera pa kugawa 1,700 ndi 1,180, zomwe zimapereka 1.44. Tanthauzo lake ndi lakuti mtengo wa dola udakwera ndi 44 peresenti. Mukafunsa funso linalo, lakuti kwacha yomwe ili m'manja mwanu idataya mphamvu yochuluka bwanji pogula dola, mumagawa 1,180 ndi 1,700, n'kupeza 0.69. Ndiye kuti idataya pafupifupi 31 peresenti. Manambala onse awiri ngoona, koma akuyankha mafunso osiyana. Ngati mzere wanu ukusonyeza makwacha ogulira dola imodzi, ndipo ukukwera, mutu unene za kukwera kwa dola. Mukalemba kuti "kwacha idagwa" pamwamba pa mzere wokwera, maso a wowerenga amaona china pomwe mawu akunena china, ndipo amasokonezeka asanayambe n'komwe kuganiza.

Tsopano timawu tolozera. Mzere wa masitepe uja umadzutsa funso lokha: pamenepa padachitika chiyani? Yankho liikidwe pomwepo, pafupi ndi sitepelo, osati m'ndime ya tsamba lotsatira. Pa sitepe loyamba lembani kuti "Meyi 2022: RBM itsitsa kwacha, dola ikwera ndi 25 peresenti". Pa lachiwiri, "9 Novembala 2023: K1,180 kufika K1,700". Kamzere kopyapyala kotuwa kachoke pa mawuwo n'kukagunda pa kadontho kenikeni ka mweziwo. Mawu asaphimbe mzere wa manambala, ndipo zilembo zake zichepe kuposa za mutu.

Awiriwo akwana. Kusuntha kwa Malichi 2024 mukhoza kukusiya, chifukwa mutu wanu ukunena za masiku awiri, ndipo timawu tolozera tilipo kuti tichitire umboni mutuwo. Apa mpomwe wolemba amayesedwa. Poti akudziwa zambiri, amafuna kuika zonse: namondwe Freddy wa Malichi 2023, kukwera kwa mtengo wa mafuta, ngongole ya IMF, bajeti ya boma. Posakhalitsa tchati chadzaza mivi isanu ndi itatu ndipo diso silidziwa poyambira. Chochitika chilichonse chifunseni kuti: kodi mzere udasintha pamenepa? Ngati sudasinthe, ndipo kusasinthako si nkhani yanu, chichotseni.

Pali chinthu china chomwe ndimachiona kuti nchachikulu kuposa zonsezi. Mukangoika dzina la chochitika pafupi ndi pomwe mzere wakhota, wowerenga amatenga kuti chochitikacho ndicho chidakhotetsa mzerewo, ngakhale inu simudanene choncho. Pa kutsitsidwa kwa kwacha palibe vuto, chifukwa banki yaikulu idalengeza ndipo mtengo udasintha tsiku lotsatira. Koma taganizirani tchati cha matenda a kolera. Mliri womwe udayambira ku Machinga mu Malichi 2022 udafika pachimake mu Januwale 2023, ndipo chiwerengero cha odwala pa sabata chidayamba kutsika. Mu Febuluwale boma lidakhazikitsa kampeni ya Tithetse Kolera. Mukaika muvi wa kampeniyo pa mzere wotsika, n'kulemba mutu wakuti "Kampeni idathetsa kolera", mwanena zomwe tchati chokha sichingatsimikize. Kutsikako kudali kutayamba kale, ndipo katemera, mankhwala othira m'madzi ndi ntchito ya azaumoyo m'madera zonse zinkachitikira limodzi. Mutu woona ukhoza kungoti "Odwala kolera adachuluka kwambiri mu Januwale 2023, kenako adayamba kuchepa", ndipo muviwo ungotchula mwezi ndi dzina la kampeni. Mawu monga "chifukwa cha" kapena "idachititsa" asungireni pomwe muli ndi umboni wina woposa kuyandikana kwa masiku.

Momwemonso ndi mawu oweruza. "Dola idakwera ndi 44 peresenti" ndi zomwe manambala akunena. "Boma lidapha kwacha" ndi maganizo anu, omwe muli ndi ufulu wowalemba m'nkhani ya ndemanga, koma mukawakhazika pamwamba pa tchati, theka la owerenga lisiya kukhulupirira ngakhale manambala enieniwo.

Kwa ogwiritsa ntchito Excel, ntchito yake si yovuta. Dinani pa Chart Title n'kulembamo chiganizo chanu. Pa timawu tolozera, ambiri amajambula kabokosi ka mawu n'kukakokera pamwamba pa tchati. Kabokosi kotere sikadziwa kanthu za manambala anu: mukawonjezera miyezi ina, mzere umafinyika, kabokosiko n'kutsala pamalo akale, ndipo muvi wa Novembala umapezeka ukuloza Febuluwale. Njira yodalirika ndi kudina mzere kamodzi, kudinanso kadontho ka mwezi womwe mukufuna kuti kasankhidwe kokha, kenako kudina batani lakumanja la mausi n'kusankha Add Data Label. Mukatero mukhoza kufufuta nambala yomwe yatulukayo n'kulemba mawu anu, ndipo amayenda limodzi ndi kadonthoko kulikonse komwe kapita. Koma mutu sudzisintha wokha. Tsiku lililonse lomwe mwawonjezera manambala atsopano, uwerengeninso. Chiganizo chomwe chidali choona mu Disembala chikhoza kukhala chabodza mu Juni.

Masiku ano tchati sichikhalitsa mu lipoti momwe chidabadwira. Wina amachijambula pa foni n'kuchiponya m'gulu la WhatsApp, chopanda ndime zomwe zidachizungulira, ndipo woyamba kuyankha m'gulumo ndiye amachipatsa tanthauzo. Choncho musanatumize tchati chanu, chionetseni kwa munthu wosadziwa za ntchito yanu kwa kanthawi kochepa, chibiseni, n'kumufunsa zomwe waona. Akati "ndaona za dola", bwererani mukalembenso mutuwo. Akati "dola idawirikiza kawiri, makamaka mu Meyi 2022 ndi mu Novembala 2023", chitumizeni.