Kuti Mumveke Bwino pa Kompyuta Muli mu Ofesi Yaphokoso

“Amayi, tabwerezaninso. Tikungomva abambo ena amene akukambirana za mtengo wa matayala.” Atero bwana kutsidya la msonkhano wa pa Zoom, ndipo mayi wowerengera ndalama amene timakhala naye ofesi imodzi angogwira kukamwa. Ofesiyo ndi chipinda chimodzi cha anthu 6. Mwamba muli fani, ndipo kuseri kwa zenera jenereta imalira magetsi akathima. Abambo a matayala aja ndine, ndipo desiki yanga ili moyang'anizana ndi yawo.

Mayiwa anali atachita zimene ambiri timathamangira. Atauzidwa kuti sakumveka, anakweza mphamvu ya maikolofoni mpaka kumapeto. Atadandauliridwa za phokoso, anaika sefa ya phokoso pamlingo wapamwamba. Zonse ziwirizi zinawonjezera vuto m'malo molichotsa. Tinadzalithetsa titatsata dongosolo lina, loyamba ndi mtunda wa pakati pa pakamwa ndi maikolofoni, kenaka mphamvu ya maikolofoni, ndipo sefa n'kubwera pomaliza.

Mphamvu ya maikolofoni akatswiri amaitcha geini, osati geni yogulitsa mandasi ija. Geini ndi mlingo umene makina amakuzira chilichonse chimene maikolofoni yatola, asanachitumize kwa omvera, ndipo sasankha chokuza. Mukamukweza kuti mawu anu akule, amakulanso fani, jenereta, makiyi a kompyuta ndi nkhani za mnzanu, zonse mofanana ndendende. Walira mvula walira matope.

Chimene chimasiyanitsa mawu anu ndi phokoso ndi mtunda. Kukula kwa mawu amakuyeza m'madesibelo, ndipo lamulo lake ndi lakuti mukachepetsa mtunda wa pakati pa pakamwa ndi maikolofoni ndi theka, mawu amafika atakula ndi madesibelo pafupifupi 6. Mayi aja ankagwiritsa ntchito maikolofoni ya mu laputopu momwemo, imene inali masentimita 60 kuchokera pakamwa pawo. Ine ndinali masentimita 120 kuchokera pa laputopuyo. Choncho mawu awo ankaposa anga ndi madesibelo 6 okha, ndipo ine ndikakweza mawu pang'ono pa foni, kusiyanako kunkatheratu.

Tinawabwereka mahedifoni a waya okhala ndi kamtengo ka maikolofoni kofika pafupi ndi mlomo. Mtunda unatsika kuchoka pa masentimita 60 kufika pa 4. Kumeneko ndi kugawa pakati kanayi: 30, 15, 7 ndi theka, kenaka pafupifupi 4. Mawu awo anapindula madesibelo pafupifupi 24, pamene ine ndinatsala kutali komweko. Makoma ndi denga zimabweza mawu, motero manambalawa sakwana ndendende m'chipinda chenicheni, komabe kusintha kwake munthu amakumva ndi khutu. Ndipo poti mawu awo tsopano ankafika akuluakulu, tinatsitsa geini, ine ndi fani tinatsikira limodzi naye. Apa m'pamene pagona nkhani, pakuti kuyandikitsa maikolofoni kumakupatsani mpata wotsitsa geini, ndipo geini akatsika m'pamene anzanu amazimirira.

Kamtengoko kakhale pambali pa mlomo, patali ngati zala ziwiri, osati kutsogolo kwenikweni kwa pakamwa kapena kunsi kwa mphuno. Kakakhala kutsogolo, mpweya wa zilembo monga “ph” ndi “b” umaomba maikolofoni ngati ng'oma, ndipo kupuma kwanu kumamveka ngati mphepo ya mwera. Onetsetsaninso kuti kompyuta ikumvadi kudzera m'mahedifoniwo. Ambiri amavala mahedifoni koma pulogalamu ikutolabe mawu pa laputopu. Kandani maikolofoni ya pa kamtengo ndi chikhadabo mukuyang'ana kamzere kosonyeza mawu. Kakapanda kudumpha, dziwani kuti pulogalamu yasankha maikolofoni ina.

Pokonza geini pa Windows, dinani batani la Windows pamodzi ndi R, n'kulemba izi:

```
mmsys.cpl
```

Sankhani Recording, dinani kawiri dzina la maikolofoni yanu, n'kupita pa Levels. Mupeza kotsetsereka koyambira pa 0 kukafika pa 100. Makompyuta ena ali ndi kachiwiri kotchedwa Microphone Boost, kowonjezera mphamvu, kawirikawiri ndi madesibelo 10, 20 kapena 30. Pa laputopu ya mayi aja koyamba kanali pa 100, kachiwiri pa +30.

Kuti musamangolota, ikani pulogalamu yaulere yojambulira mawu ya Audacity. Ili ndi muyeso umene 0 ndiye denga, ndipo manambala onse a pansi pake ali ndi chizindikiro chochotsera, kotero kuti -12 ndi mawu aakulu kuposa -30. Jambulani masekondi 20 nthawi imene ofesi ili piringupiringu, osati m'mawa anthu asanafike. Masekondi 5 oyamba khalani chete, otsalawo lankhulani monga mumalankhulira pamsonkhano, ndi kuseka komwe. Cholinga n'chakuti pamene mwakweza mawu kwambiri muyeso uzifika pakati pa -12 ndi -6, osagunda 0.

Mawu akagunda 0 amadulidwa nsonga. Amamveka osasa, ong'ambika, ngati chimkuzamawu cha paukwati chimene achitsegula mopitirira. Zikatero palibe sefa ingawakonze, ngakhale womvera atatsitsa voliyumu kwake, chifukwa gawo lodulidwalo latayika kale. Geini akatsikitsitsa nakonso si bwino, chifukwa omvera amakweza voliyumu kuti akumveni, ndiye wina akalankhula amawaboola m'makutu. Kwa mayi aja tinabweza Microphone Boost pa 0, n'kumatsitsa kotsetsereka kena kaja pang'onopang'ono, tikujambula n'kumvetsera. Tinaima pa 70, pamene mawu awo ankathera pa -9 ndipo phokoso la m'chipinda linali cha m'ma -45. Nambala ya 70 musaitenge ngati lamulo, pakuti maikolofoni iliyonse ili ndi yake. Inu tsatirani muyeso.

Pali kabokosi kamene kangafafanize ntchito yonseyi. Mu Zoom, pa Settings kenaka Audio, pali mawu akuti Automatically adjust microphone volume. Kakachongedwa, pulogalamu imadzisinthira geini yokha, kutsitsa mukakweza mawu ndi kukweza mawu akachepa. Kwa munthu amene ali yekha m'chipinda ndi kothandiza. Koma mu ofesi ya anthu ambiri, mukangokhala chete kumvetsera, pulogalamu imatha kuyesa kuti mawu achepa n'kuyamba kukweza geini, mpaka kutola mnzanu wa kutali uja. Chizindikiro chake n'chakuti omvera amati phokoso limakula inu mukasiya kulankhula, ndipo liwu lanu loyamba mukayambiranso limatuluka mophulika. Mukakonza geini pamanja, chotsani chizindikiro m'kabokosiko, ndipo muyang'anenso pa Levels ngati nambala yanu sinasunthidwe.

Sefa ya phokoso ntchito yake ili ngati kupeta. Lichero limachotsa gaga mu mphale chifukwa ziwirizi n'zosiyana kulemera. Koma chimanga chanu chikasakanikirana ndi cha mnansi wanu, kupeta sikungakuuzeni kuti njere iyi ndi ya yani. Sefa nayo imachotsa bwino phokoso losasinthasintha, monga la fani, jenereta kapena mvula pa malata, ndipo masefa a masiku ano amathanso kuzindikira kugogoda kwa makiyi ndi kumenyetsa chitseko. Koma anawapanga kuti azisunga mawu a munthu, ndiye mnzanu akamalankhula, sefa imawaona ngati chimanga, n'kuwalola kudutsa. N'chifukwa chake mlingo wapamwamba sunandichotse ine pamsonkhano wa mayi aja.

Mu Zoom, sefayi ili pa Audio pomwepo ndipo ili ndi milingo ya Auto, Low, Medium ndi High. Yambani ndi Low, dinani Test Mic, lankhulani ndi kudzimvetsera. Ngati fani ikumvekabe, kwerani pa Medium. Imani pamlingo wotsikitsitsa umene ukuchotsa phokoso limene likusokoneza. Sefa ikakhwimitsa imayamba kudya mawu anu omwe. Zoyamba kutayika ndi zilembo zofanana ndi mphepo, monga “s”, “f” ndi “ts”, komanso mathero a mawu amene mumawatchula motsitsa. Yesani ndi chiganizo chonga “Sefasefani ufa tisanafike pa msika.” Chikabwerera chili chodukaduka, kapena mawu akumveka ngati mukulankhulira m'madzi, bwererani mlingo umodzi. High imadyanso mphamvu ya kompyuta, ndipo laputopu yakale imatha kuyamba kuchedwa. Mayi aja tinawasiya pa Medium, chifukwa cha jenereta.

Sefa ikhale imodzi. Windows ndi mapulogalamu obwera ndi laputopu kapena mahedifoni nthawi zambiri amakhala ndi masefa awoawo, ndipo Zoom kapena Teams imawonjezera yake pamwamba. Mawu akadutsa m'masefa atatu, iliyonse imabudulako pang'ono, ndipo otsala amakhala ngati a loboti. Pa Windows 11, pitani pa Settings, System, Sound, sankhani maikolofoni yanu, ndipo ngati pali Audio enhancements muike pa Off, kuti itsale ya pulogalamu ya msonkhano yokha. Izi muzichite musanayese geini mu Audacity, kuti muyeso uonetse phokoso lenileni. Mu Teams zosankha zake zili pa Settings kenaka Devices. Kumeneko ena amapeza Voice isolation, imene imayamba yajambula mawu anu kuti iwadziwe, kenaka n'kumayesa kuchotsa a anthu ena. Imeneyi ndiyo imayandikira kusiyanitsa chimanga cha eni awiri, koma nayonso imagwira bwino maikolofoni ikakhala pafupi ndi pakamwa.

Tikamva kuti “mukudukaduka”, ambiri timafulumira kunamizira netiweki. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta. Netiweki ikafooka, nthawi zambiri nanunso mumamva anzanu akuduka, ndipo zithunzi zimauma. Ngati inu mukuwamva bwinobwino koma iwo akudandaula, dinani Test Mic. Mawu akaduka pamenepo, vuto lili pa desiki yanu.

Zonsezi zili ndi malire. Mnzanu akafuula pafupi nanu, adzamvekabe pansi pa mawu anu. Choncho pamsonkhano wautali tsekani maikolofoni pamene simukulankhula. Mu Zoom mukhoza kugwira batani lalitali la pansi pa makiyi kuti maikolofoni itseguke nthawi yokhayo imene mwaligwira. Mayi aja ndi mmene amachitira tsopano. Lachisanu lapitali anamaliza kufotokoza lipoti la mwezi jenereta ikulira, popanda wowauza kuti abwereze. Atavula mahedifoni anatembenukira kwa ine n'kunena kuti, “Achimwene, lero bwana sanamve kuti matayala mwagula zingati. Koma ine ndamva, ndipo akuberani.”