Batani Likachepera Mawu

Wopanga masewera apakompyuta wodziwa ntchito yake salemba mawu amumenyu mkati mwa pulogalamu. Amawaika m'tebulo lapadera, mawu aliwonse ndi dzina lake lowaitanira. Mu Godot, pulogalamu yaulere yopangira masewera, tebulolo likhoza kukhala fayilo ya CSV yotere:

```
keys,en,de,ny
MENU_BACK,Back,Zurück,Bwererani
MENU_SAVE,Save,Speichern,Sungani
MENU_QUIT,Quit,Beenden,Tulukani
```

Danga la ny ndi la Chichewa, la de ndi la Chijeremani. Pulogalamu ikaitana `tr("MENU_BACK")`, imatenga mawu a chinenero chimene wosewera wasankha. Womasulira amadzaza danga lake lokha. Dzina loitaniralo likalembedwa molakwika, pasikirini pamatuluka dzinalo m'malo mwa mawu, ndipo cholakwikacho chimaonekera pomwepo.

Vuto lenileni limabwera mawu akafika pabatani. Tiyerekeze kuti batani lili ndi malo a mapikiselo 96, ndipo chilembo chilichonse chimadya pafupifupi 12. Ndiye kuti mumalowa zilembo 8. Back, wa zilembo 4, amakhalamo motakasuka. Bwererani ali ndi zilembo 9, akufuna mapikiselo 108, choncho wosewera amaona "Bwereran", kapena mawu amasefukira pa chithunzi choyandikana nalo.

Apa womasulira amakopeka kudula -ni kuti patsale "Bwerera", zilembo 7 zokwana bwino. Ine sindivomereza zimenezi. Kachidutswa kameneko ndi kamene kanyamula ulemu, ndipo kakachoka masewera amayamba kulamula munthu wamkulu ngati mwana wotumidwa kumsika. Choyenera kukonzedwa ndi batani. Mu Godot, batani limakula lokha motsatira mawu ake ngati `clip_text` ili yozimitsa, ndipo mabatani oikidwa mu `VBoxContainer` amafanana m'lifupi ndi lalikulu kwambiri. Kuchepetsa zilembo kuzibwera pomaliza, chifukwa pafoni tizilembo tating'ono timapweteka maso.

Simuyenera kudikira womasulira kuti mudziwe mabatani amene adzachepe. Godot 4 ili ndi `pseudolocalization`, imene ikhoza kutalikitsa mawu Achingerezi dala ndi kuwaikira zilembo zachilendo. Mukaiyatsa n'kuyendera menyu yonse, paliponse pamene mawu aduka pakhoza kudzavutanso pa Chichewa ndi Chijeremani. Mawu amene atsala osasintha ndiye kuti sanalowe m'tebulo. Yesaninso ŵ: ngati zilembo zimene mwasankha zilibe ŵ, dzina loti Malaŵi likhoza kutuluka ndi kabokosi pakati.

Nthawi zina tebulo lenilenilo ndi limene limalakwa. Wopanga amaika Locked kamodzi kokha, n'kumagwiritsa ntchito pa chitseko, pa bokosi ndi pa zipata. Chingerezi chimalola, koma ife timati chitseko chokhoma, bokosi lokhoma, zipata zokhoma. Womasulira wopatsidwa mzere umodzi adzalondola pamodzi n'kulakwa pawiri. Pamafunika mizere itatu, monga `DOOR_LOCKED`, `CHEST_LOCKED` ndi `GATES_LOCKED`, uliwonse ndi chithunzi cha pasikirini chosonyeza pamene mawuwo adzaonekere.