Malungo, mayeso ndi kalata yopita kwa rejisitirala

Mvula ikakhazikika, kuyambira Januwale mpaka Epulo, malungo amavuta mu Lilongwe. Mayeso a kuyunivesite akagwera m'miyezi imeneyi, malo otayipira makalata ku Old Town amalandira anthu onyamula pepala lolemba pamanja, lopempha rejisitirala kuti wophunzira wodwala adzalembe mayeso tsiku lina.

Mmodzi mwa odwalawo ndi mayi wa ku Kawale, kalaliki wowerengera ndalama mushopu ya zipangizo zomangira kufupi ndi msewu wa Malangalanga. Amaphunzira za chuma kumapeto kwa sabata, ndipo pepala la chuma ndi chitukuko, lomwe limafunsa za umphawi, ulimi ndi chifukwa chimene anthu amachokera kumudzi kukasaka ntchito m'tauni, amayenera kulemba Lachinayi mmawa. Lolemba usiku adayamba kunjenjemera, thupi lili moto, mfundo zikuphwanya. Lachiwiri pachipatala chaching'ono cha boma adamubaya chala, nampeza ndi malungo. Adampatsa LA, mapilitsi anayi mmawa ndi anayi madzulo kwa masiku atatu, kutanthauza kuti tsiku la mayeso likadampeza akadali pamankhwala, akusanza, manotsi akuwaona pawiripawiri.

Lachitatu adalemba kalata ali chigonere, mng'ono wake nathamangira nayo kokatayipitsa. Inali ya tsamba limodzi. Pamwamba adalemba kuti ikupita kwa rejisitirala kudzera kwa mkulu wa dipatimenti. Kenaka padabwera dzina lake, nambala yake ya kusukulu, dzina ndi nambala ya phunzirolo, tsiku ndi ola la mayeso. Adatchula tsiku limene adayezedwa ndi tsiku lomaliza mankhwala, napempha chinthu chimodzi chokha: kuti aloledwe kudzalemba pepalalo ngati koyamba. Kumbuyo adamatako fotokope ya tsamba la kabuku kake ka kuchipatala.

Mawu akuti ngati koyambawo ngolemera. M'mayunivesite ambiri, wolemba mayeso ochedwetsedwa chifukwa cha matenda amatenga malikisi onse amene wakhoza. Wolemba sapu, mayeso obwereza a amene adalephera, amangomulembera malikisi a pamalire ngakhale akhoze bwanji. Wojomba osanena kanthu amawerengedwa wolephera, ndipo wolowa m'chipinda cha mayeso akudwala savomerezedwa msanga akadzadandaula zotsatira zitatuluka. N'chifukwa chake kalata iyenera kufika mayeso asanalembedwe.

Ya mayiyu idafika m'nthawi yake, koma idabwezedwa. Kuofesi adati kabuku sikokwanira, akufuna lipoti la dokotala lokhala ndi chidindo, lonena poyera kuti wodwalayo sakadatha kulemba mayeso pa tsikulo.

Apa ndi pamene anthu akusiyana maganizo. Ogwira ntchito m'maofesi a mayeso amati kabuku kamagulidwa ndi aliyense, ndipo wophunzira amene sadawerenge atha kupeza womulembera mizere iwiri. Amatinso kabuku kamangotchula matenda ndi mankhwala, sikanena ngati munthu angakhale pampando maola atatu akulemba. Kwa iwo, lipoti limateteza ophunzira amene adalemba pa tsiku lake, chifukwa wochedwetsa amapeza masabata owonjezera owerengera, pomwe mphunzitsi amayenera kukonza mafunso atsopano.

Ophunzira akuti lamuloli limakomera okhala ku Area 10, Area 12 ndi Area 43, kapena ogwira ntchito ku City Centre omwe abwana awo amawalipirira inshuwalansi ya chipatala. Iwowa amapita kuchipatala cholipira n'kutuluka ndi kalata yotayipa tsiku lomwelo. Wa ku Kawale, Mchesi kapena Biwi amaonedwa ndi kiliniko ofesala amene panja pakumudikira mzere wautali, ndipo umboni wake wonse umathera m'kabukumo. Madandaulo awo ngomveka. Kabukuka ndi kamene chipatala cha boma chimagwiritsa ntchito, ndipo tsamba lokhala ndi tsiku, zotsatira za magazi, siginecha ndi chidindo si lovuta kulitsimikiza ngati ofesi itafuna kufunsa kuchipatalako.

Mng'ono wa mayi uja adabwerera kuchipatala Lachinayi, nadikira mpaka masana kuti amene adaona mkulu wake alembe kakalata konena masiku ofunika kupuma. Adakapereka pamodzi ndi kalata yoyamba ija, napempha mlembi wa muofesi adinde tsiku pakope yotsala nayo. Chomwe chidathandiza n'chakuti mlembiyo adali atalemba m'buku kuti kalata idafikako Lachitatu. Pempho lidaloledwa, ndipo mayiyu adalemba pepala lake patapita masabata angapo.

Otayipa makalata ku Old Town ati ophunzira ambiri amabwera ndi nkhani yaitali ya mmene adavutikira usiku wonse, koma nambala ya phunziro ndi tsiku la mayeso aiwala. Ena mwa otayipawo tsopano amayamba afunsa zimenezi asanagwire kompyuta, ndipo amalangiza kasitomala kusindikiza makope awiri.