Peyala la Lero, Peyala la Lachinayi

Mvula ikakhazikika, misika imasefukira zipatso. Mango a ku Salima ndi kumadera ena a kunyanja amakhala akupita kumapeto, mapeyala a ku Thyolo ndi Mulanje akuyamba kufika, ndipo mtengo umatsika moti munthu umakopeka kugula mulu wonse. Vuto limaonekera kunyumba. Zipatso zonse zimapsa tsiku limodzi, banja nkudya zitatu, zina nkutayidwa. Apo ayi zimangokhala pawindo sabata yathunthu, zolimba gwa, kenako nkufota osapsa.

Mapeyala, mango, nthochi ndi mapapaya amafanana pa chinthu chimodzi: amapitiriza kupsa atathyoledwa. Chipatso chimatulutsa mpweya wotchedwa etilini, umene umachifewetsa, kuchisintha mtundu ndi kudzutsa fungo. Malalanje ndi chinanazi sizitero, kutsekemera kumene mwagula nako ndi komweko. Koma mpweyawu umagwira bwino ntchito pa chipatso chimene chinakhwimira mumtengo. Choncho musanafunse ngati chipatso chapsa, yambani mwaona ngati chinakhwima. Chokhwima chosapsa mungachidikire. Chanthete ndi ndalama yotayika.

Peyala ndiye limanamiza anthu kwambiri, chifukwa silipsera mumtengo. Limayamba kufewa likathyoledwa, ndiye aliyense amalithyola lolimba, ndipo wofuna ndalama msanga amathyola ndi anthete omwe. Peyala lanthete limakhala ndi khungu lonyezimira, lobiriwira kwambiri. Mukalisunga limachita makwinya, mnofu wake umanyutuka, umakhala wamadzimadzi ndiponso wowawirako chifukwa mafuta anali asanakwane. Lokhwima kunyezimira kumachepa, khungu limaoneka lothimbirira pang'ono, ndipo limalemera m'manja. Mitundu ina ya mapeyala akuluakulu a kwathu kuno, mukaligwedeza pafupi ndi khutu mumamva nthanga ikugogoda mkati. Chimenecho ndi chizindikiro chabwino chakuti lakhwima, ngakhale si mitundu yonse imene imalira chotero.

Za mtundu wa khungu, muyambe mwadziwa peyala limene mwanyamula. La Hass, laling'ono lakhungu lokhakhala, limada likamapsa mpaka kuoneka lakuda. La Fuerte ndi ambiri a m'midzi amakhala obiriwira mpaka tsiku lodyedwa. Wodikira kuti Fuerte lide adzalipeza litaola.

Muyeso weniweni uli m'dzanja. Liikeni pachikhatho ndi kulifumbata pang'ono ndi dzanja lonse. Likagonja pang'ono paliponse mofanana, ndi la lero. Likangofewa kukhosi kokha, thupi lidakali lolimba, lipatseni tsiku limodzi kapena awiri. Lolimba ponseponse limafuna masiku anayi mpaka sabata, kutengera kutentha kwa nyumba. Chimene ndimadana nacho ndi chizolowezi chodinya ndi chala chachikulu. Malo odinyidwawo amada mkati, ndipo peyala limene ladinyidwa ndi anthu khumi limafewa pamwamba ngakhale lisanapse. Wogulitsa akadandaula, sakulakwa. Kunyumba mungathenso kuchotsa kaphesi kotsalira kumutu: kakachoka mosavuta ndipo pansi pake pali pobiriwira kapena pachikasu, lapsa bwino. Pakakhala poderako, mkatinso mwayamba kuda.

Papaya lili ndi lamulo lake, ndipo ambiri salidziwa. Nthochi ndi mango zimasunga sitachi amene amasanduka shuga zikamapsa, nchifukwa chake zimatsekemera zili m'nyumba. Papaya lilibe nkhokwe yotero. Shuga wake amalowa likadali mumtengo, makamaka nthawi imene khungu layamba kusintha. Lothyoledwa lobiriwira lonse lidzafewa, lidzachita chikasu, koma lidzakhala lozizira m'kamwa. Choncho ngakhale mukugulira masiku a kutsogolo, fufuzani mizere yachikasu imene imayambira kunsonga, mbali yotalikirana ndi phesi. Chikasu chikangoyamba kumene, papaya lidzadyeka pakatha masiku anayi kapena asanu. Chikafika theka, masiku awiri kapena atatu. Chikakuta pafupifupi thupi lonse ndipo likugonja m'dzanja, mpeni ulowe lero kapena mawa. Mukadula ndi kupeza njere zoyera, linali lanthete, ndipo kuli bwino kungoliphika ngati ndiwo. Lokhwima njere zake ndi zakuda.

Pa mango, kufiira si umboni. Tommy Atkins amafiira mbali imene inkaombedwa ndi dzuwa ngakhale ali aawisi, pamene Kent ndi Keitt amatha kupsa akadali obiriwira. Yang'anani mapewa, malo ozungulira phesi. Mango okhwima mapewa amatukuka moti phesi limakhala ngati lalowa m'kadzenje, masaya nkudzaza. Anthete amakhala opyapyala ndipo mapewa ndi otsetsereka. Akupsa amanunkhira paphesi ndipo amagonja pang'ono. Fungo likayamba kupita kowawasa, apitirira. M'nyengo yamvula samalani ndi madontho akuda olowa mkati, chifukwa amakula msanga chipatso chikamafewa, komanso timabowo ting'onoting'ono tofewa m'mbali, pamene ntchentche za zipatso zinaikira mazira. Mango otero si osunga.

Nthochi sizibisa zambiri. Yanthete imakhala ndi ngodya zakuthwa m'litali mwake, yokhwima imadzaza nkukhala yobulungira. Yachikasu yokhala ndi nsonga zobiriwira ikhala masiku awiri kapena atatu, ya timadontho tofiirira ndi ya lero. Chosokoneza chimabwera ndi kutentha. Nthochi za mtundu wa kabuthu zikapsera pamalo otentha kupitirira madigiri 25, khungu limatha kukhalabe lobiriwira mkati mutapsa kale. Kumadera otentha ngati kuchigwa cha Shire, ikhudzeni musanaiweruze ndi maso.

Tsopano tiyerekeze mayi amene amapita kumsika Loweruka lokha ndipo akufuna zipatso za sabata yonse. Pa mapeyala asanu ndi limodzi, atenge awiri ofewa a Loweruka ndi Lamlungu, awiri ofewa kukhosi a Lolemba ndi Lachiwiri, ndi awiri olimba koma okhwima a Lachinayi kupita m'tsogolo. Nthochi atenge maphava awiri, lachikasu ndi lobiriwira lodzaza bwino. Mapapaya awiri, lina lachikasu ndithu, lina longoyamba mizere. Mango akupsa atenge okwana masiku awiri okha. Angomuuza wogulitsa kuti, "Mayi, mundisankhire awiri odya lero, enawo a Lachinayi." Wogulitsa amadziwa tsiku limene katundu anafika, ndipo sangafune kuti kasitomala asadzabwerenso.

Akafika kunyumba asaunjike zonse m'dengu limodzi. Etilini wa nthochi zakupsa adzafulumizitsa zonse, ndipo dongosolo la sabata lija lidzathera Lachiwiri. Zodikira aziike pazokha, pamthunzi podutsa mphepo. Akafuna kuti peyala lipse msanga, alivundike m'thumba lapepala pamodzi ndi nthochi yakupsa, kapena alikwirire mugaga monga amachitira anthu kumudzi, nkumaliona tsiku ndi tsiku. Jumbo yomanga ndiyo ayi: imasunga chinyezi ndipo chipatso chimachita nkhungu.

Amene ali ndi fuliji adikire kaye chipatso chipse. Chosapsa chikazizidwa kwambiri chimaonongeka: peyala limachita mitsitsi yakuda mkati, mango ndi papaya zimafewa mbali imodzi popanda kukoma, nthochi imada khungu osapsanso bwino. Chakupsa kale, fuliji imachionjezera masiku awiri kapena atatu. Peyala lodula theka lisungeni ndi nthanga yake, mudonthezepo madzi a mandimu ndi kulivundikira kuti lisade.