Zipi Ikamasuka Kumbuyo, Yambani Mwaona Kamutu

Wogulitsa kaunjika akatsegula belo, sipalephera kupezeka jekete kapena chikwama chooneka bwino koma zipi yake ili ndi vuto. Akakoka kamutu kamayenda ndithu, koma kumbuyo kwake mano akutsala atayasama. Wogula akangoona zimenezi amatsitsa mtengo ndi theka, ndipo ogulitsa ambiri amangovomera poganiza kuti zipi yonse yatha. Nthawi zambiri mano amakhala alibe mlandu. Chomwe chatha ndi kamutu kokha.

Kamutu ka zipi kali ndi tizitsulo tiwiri, kapamwamba ndi kapansi, tolumikizana kutsogolo. Mano a mbali ziwiri amalowera kutsogoloko atasiyana, kenako amapanikizidwa m'kampata kakumbuyo n'kutuluka atalumana. Kamutu kakagwira ntchito nthawi yaitali, makamaka pachikwama chomwe chimadzazidwa mopitirira kapena cholowa fumbi ndi mchenga, tizitsulo tija timaperepeseka mkati n'kuyamba kutalikirana. Mpata ukakula pang'ono chabe, mano amadutsa osagwirana. Pachikwama cha timitu tiwiri n'kosavuta kutsimikiza: ngati kamodzi kakutseka bwino pomwe kanzake kakulephera, ndiye kuti mano ali bwino.

Kukonza kwake kumafuna pulayala yaing'ono ndi dzanja lodekha. Choyamba wokonza amabweza kamutu mpaka poyambira zipi, osakakamiza, n'kutsuka mano ndi mswachi wakale kuti mchenga ndi ulusi zichoke. Kenako amagwira ndi pulayala kumbuyo kwa kamutu, komwe mano otsekeka amatulukira, mlomo umodzi wa pulayala uli pamwamba, wina pansi. Amafinya pang'ono mbali yakumanzere, n'kufinyanso chimodzimodzi yakumanja, kenako amayesa kutseka. Ikamasukabe amabwereza, pang'onopang'ono. Pakati, pomwe pali kogwirira, safinyapo.

Apa m'pomwe ambiri amaonongera katundu. Timitu tambiri n'topangidwa ndi chitsulo chosungunula chomwe sichipirira kupindidwa kawirikawiri. Wofinya mwamphamvu kamodzi n'kamodzi amapeza kamutu kauma osayendanso, ndipo akati akakanule ndi mpeni kamathyoka. Kapulasitiki ndiye sikafinyidwa n'komwe. Ngati kamutu kakuyenda mokanika pang'ono mutatha kufinya, kupaka kandulo kapena sopo wouma pamano kumathandiza. Mafuta ophikira ayi, amadetsa nsalu komanso amakoka fumbi.

Kufinya kumangogula nthawi, chifukwa chitsulo chomwe chinaperepeseka sichibwerera. Pachikwama cha mwini wake palibe vuto, koma jekete yogulitsa ikamasuka patatha sabata, kasitomala amabwera nayo pabenchi pomwepo anthu akuona. Katundu wa mtengo wabwino amayenera kamutu kena.

Tiyerekeze jekete ya mano apulasitiki. Kuseri kwa kamutu kumalembedwa nambala, kawirikawiri 3, 5, 8 kapena 10, yomwe imayandikira kukula kwa mano otsekeka m'mamilimita. Ngati palembedwa 5, pafunika ka 5 komweko, komanso ka mtundu womwewo, pakuti zipi ya mano achitsulo, ya mano apulasitiki ndi ya nayiloni yopota ngati sipuling'i iliyonse ili ndi kamutu kakekake. N'chifukwa chake wogula amapita nako kakaleko kwa ogulitsa zipangizo za atelala. Kumtunda kwa zipi, mbali yomwe kamutu kamatsalira jekete ikatsegulidwa, kuli kotchinga. Wokonza amakadula ndi pulayala osang'amba nsalu, amasolola kamutu kakale, n'kulowetsa katsopano kataloza momwe kanalozera kakale. Pomwe panali kotchinga amasokapo ulusi wolimba maulendo angapo mpaka pakhale kamfundo koti kamutu sikangadumphe. Pachikwama, ntchito imatalika pang'ono chifukwa pamafunika kusula msoko wa kumapeto kwa zipi, kulowetsa mbali zonse ziwiri mofanana, n'kusokanso.

Ogulitsa ochenjera sataya nsanza za m'belo asanachotse timitu. Jekete yong'ambika yosagulika imatha kupulumutsa ina yabwino.

Pali pomwe pulayala singathandize. Mano akaguluka pakati, kapena nsalu yolimba ya pansi pa jekete, pomwe kamtengo kolowetsa kamakhala, ikang'ambika, kamutu katsopano sikasintha kanthu. Imeneyo ndi ya telala kuti aike zipi ina, ndipo ndalama yake iwerengedwe mtengo usanatchulidwe. Koma ngati dzino laguluka pafupi ndi poyambira zipi ya chikwama, wokonza amakweza kamutu kupitirira pamenepo, n'kusoka mfundo yolimba pamwamba pa dzino losowalo. Pakamwa pa chikwama pamachepa pang'ono, koma chimatseka bwinobwino.