Mwafomata Diski Molakwitsa? Imani Kaye

Tiyerekeze kuti mukuika Ubuntu pakompyuta, ndipo mwazindikira mochedwa kuti mwafomata diski yomwe munali zithunzi za ukwati. Chinthu choyamba n'kuzimitsa kompyutayo nthawi yomweyo. Musapitirize kuika pulogalamu.

Chifukwa chake n'chakuti kufomata kwachangu kumangochotsa kaundula wosonyeza pamene fayilo iliyonse ili. Mafayilowo amakhala adakalipo, mpaka china chilembedwe pamwamba pake. Mukapitiriza, pulogalamu yatsopanoyo idzakhala pamalo a zithunzi zija, ndipo zikatero zapita basi.

Yatsaninso kompyutayo kuchokera pa fulashi yomwe ija, musankhe Try Ubuntu, kenako muike TestDisk. Imeneyi imafufuza zigawo za diski zomwe zasowa. Ikalephera, gwiritsani ntchito PhotoRec, yomwe imabwera nayo limodzi. Iyo imatola mafayilo mmodzimmodzi, koma mayina akale amatayika, mumangoona monga f0012345.jpg. Zonse zopezeka muzisunge pa diski ina, osati yomweyo.

Pa diski za SSD mwayi umachepa, chifukwa lamulo la TRIM limafufutiratu malo omasulidwa.

Tsegulani zithunzizo muone ngati zili bwino. Mukakhutira, m'pamene mungapitirize kuika Ubuntu.